Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Kalata ya adokotala ndibweretsa

M'gawo lapita ndinakusiyani nditapeza ntchito yokonza zipinda pa loji ina ku Senga Bay. Pomwe nkhani ya leroyi imachitika n'kuti nditathapo chaka ndi miyezi itatu. Unali mwezi wa February, mvula ili pakati, udzudzu wa kunyanja uli pachimake, ndipo Tadala wanga anali ndi zaka zitatu.

Lachiwiri madzulo ndinamupeza thupi latentha. Ndinamumwetsa panado n'kumufunditsa kansalu konyowa, ndikudziuza kuti kukacha tikayezetsa. Koma cha m'ma 4 koloko m'bandakucha mwana anauma, maso kutembenuka, manja kugwedezeka. Amayi oyandikana nawo nyumba anati ndi linjirinjiri. Ine ndinangomubereka kumbuyo n'kuthamangira kumsewu. Pa kachipatala kapafupi anamubaya chala, mizere iwiri n'kutuluka, ndipo atamuyang'ana zikope ndi zikhatho anati malungo ake ndi aakulu, magazi achepa, tipite kuchipatala chachikulu komwe angamugoneke.

Ndili m'galimoto muja m'pomwe ndinakumbukira ntchito. Ndimayenera kuyamba 7 koloko, ndipo nthawi inali itapitirira kale. Ndinalembera Amayi Banda, omwe ankatiyang'anira ife okonza zipinda, uthenga wa mawu anayi: "Mwana wadwala, sindibwera lero." Sanayankhe. Panthawiyo ndinawaona ngati munthu wouma mtima, koma lero ndikaubwereza uthengawo ndimaona kuti sindinawapatse kanthu. Sindinanene kuti ndi matenda ogonekedwa, sindinanene kuti ndibwera liti, ndipo zipinda zanga zisanu ndi chimodzi sindinazitchule n'komwe. Mawu akuti "mwana wadwala" anali atawamva kambirimbiri, ena ochokera kwa anthu amene anali ku ukwati kapena kodikira usipa kudoko.

Tadala anamugoneka Lachitatu lomwelo. Jekeseni woyamba wa malungo anamubaya m'ma 10 koloko m'mawa, wachiwiri pakatha maola 12, wachitatu m'mawa mwake Lachinayi. Anamuikanso magazi. Amene munagonapo ndi mwana m'chipatala mukudziwa kuti mwana sagona yekha. Gadiyani ndiye amamudyetsa, kumusambitsa, kuchapa, kuyang'ana diripi ngati ikudontha, ndi kuthamangira anamwino thupi likatenthanso. Amayi anga anali kumudzi ku Khombedza, miyendo ikuwavuta, bambo ake a mwana nkhani yawo ndinaifotokoza kale m'gawo 9. Gadiyani ndinali ine, panalibenso wina.

Masana a Lachitatu, mwana atagona, mayi wina wa bedi loyandikana nafe, yemwe anali mphunzitsi, anandifunsa ngati kuntchito ndawauza. Nditamuonetsa uthenga uja anaseka pang'ono. "Asisi, uku si kupempha tchuthi, uku n'kulengeza. Imbani foni, kenako mulembenso zomwe mwanenazo kuti zikhale." Ndinabwereka mayunitsi n'kuimba.

"Amayi, ndine mayi ake a Tadala. Pepani uthenga wam'mawa unali wachidule, ndinali pamsewu."

"Ndiye muli kuti, Nachisale? Alendo atuluka m'zipinda zinayi, ine ndikuyala mabedi ndekha."

Ndinawafotokozera zonse, ndipo nditadula ndinalemba uthenga womwe ndinausunga m'foni nthawi yaitali: "Amayi Banda, mwana wanga Tadala amugoneka m'chipatala lero Lachitatu chifukwa cha malungo aakulu, ndipo gadiyani ndine. Ndikupempha tchuthi kuyambira lero mpaka Loweruka. Lachisanu madzulo ndikuuzani momwe zilili. Achemwali a Mercy avomera kundigwirira zipinda zanga mawa ndi mkuja ngati inu mwalola. Kalata ya adokotala ndibweretsa tsiku lobwerera kuntchito." Patapita mphindi zochepa yankho linabwera: "Chabwino, mwana achire. Kalatayo musaiwale, abwana aifuna."

Chomwe ndinaphunzira pamenepa n'chakuti wokuyang'anira pantchito safuna kumva chisoni chako chokha. Akufuna tsiku loyambira, tsiku lomwe angakuyembekezere, ndi dzina la munthu amene atseke dzenje lako. Ukamupatsa zimenezi, naye amakhala ndi chokanena kwa abwana ake. Koma mzere womaliza uja, wa kalata, ndinaulemba mopepuka ngati ndikulonjeza kubweretsa tomato wa kumsika. Sindinkadziwa kuti kalatayo imaoneka bwanji, amalemba ndani, ndiponso imapemphedwa nthawi yanji.

M'mutu mwanga kalata ya adokotala inali kabuku kakuchipatala ka mwana, chifukwa m'menemo ndimo amalemba zonse. Lachisanu Tadala anayamba kumwa LA, anadya phala, anayambanso kulirira foni yanga. Loweruka m'mawa anatitulutsa, n'kutiuza kuti amalize mankhwalawo kunyumba, kawiri patsiku, mpaka Lamlungu madzulo, ndipo akasanza kapena kutenthanso tibwerere msanga. Ine ndi chimwemwe ndinangolongeza ndowa, mapoto ndi zitenje n'kukwera kabaza kupita ku Kamuzu Road kukapeza galimoto. Za kalata sindinafunse aliyense.

Kulakwa kwachiwiri kunali kwakuti ndinapempha mpaka Loweruka, koma Lamlungu sindikanatha kusiya mwana wofooka, wotsala ndi mankhwala, m'manja mwa oyandikana nawo. Ndinaimbanso n'kuwonjezera tsikulo. Amayi Banda anavomera koma mawu awo anali atasintha. Anandifunsa ngati kalata ndatenga, ine n'kuyankha monyadira kuti kabuku ndili nako.

"Kabuku si kalata, Nachisale. Ine ndiika chiyani m'faelo? Komanso kabukuko kalembedwa dzina la ndani?"

Apo m'pomwe ndinatsegula maso. Pachikuto panali dzina la Tadala ndi dzina la bambo ake, lomwe si dzina lomwe ine ndinalembetsa kuntchito. Kabukuko kankasonyeza kuti mwana wina wake anadwala, koma sikankanena paliponse kuti ine ndinali pambali pake masiku onsewo. Ndipo pali chinthu china chomwe ndinadzachiganizira pambuyo pake. Kabuku ka mwana kamasunga mbiri yake yonse kuyambira kusikelo, matenda ake, zoyezetsa zake, nthawi zina ngakhale zokhudza mayi ake. Anthu ambiri amangokapereka kuofesi kuti akafotokope, osaganiza kuti kalaliki ndi aliyense wotsegula faelo aziwerenga zinthu zosawakhudza. Abwana akufunika kudziwa masiku, osati zonse za m'nyumba mwanu.

Lolemba linali tsiku langa lopuma. M'malo mochapa ndi kugona, ndinabwereranso mtunda wa makilomita pafupifupi 20 uja, kabuku m'manja, mwana kumbuyo. Ndinayamba kuwodi ya ana, komwe anamwino anandikumbukira n'kutsegula buku lawo lalikulu kutsimikiza tsiku lolowa ndi lotuluka. Anandiuza kuti kalata amalemba ndi adokotala amene ankamuona mwana, ndipo ndidikire amalize kuyendera odwala. Ndinadikira mpaka dzuwa linapendeka, ndipo sindikuwada, m'wodimo munali ana odwala kuposa wanga. Atabwera anandifunsa kuti, "Mayi, mukufuna ilembe chiyani kwenikweni?" Mwamwayi ndinali nditafunsa kale Amayi Banda. Ndinapempha kuti mukhale dzina la mwana, dzina langa monga momwe lilili kuntchito ndi mawu akuti ndine mayi ake komanso gadiyani, tsiku logonekedwa, tsiku lotuluka, ndi mzere wonena kuti mwana ankafunika chisamaliro kunyumba mpaka atamaliza mankhwala Lamlungu. Mzere umenewu ndi umene unaphimba tsiku lachisanu lija. Anasaina, n'kunditumiza kuofesi kukadinditsa chidindo, chifukwa pepala lopanda chidindo aliyense angalembe pansi pa mtengo wa mango.

Kukanakhala kuti ndinapempha Lachinayi kapena Lachisanu, adokotala akuyendera mabedi, zonsezi zikanatha ndisanatuluke pageti. Tsiku lotulutsidwa si tsiku lopempha kalata, makamaka likakhala Loweruka, pomwe ogwira ntchito amakhala ochepa ndipo maofesi ambiri ndi otseka.

Lachiwiri ndinafika kuntchito molawirira, kalata ili m'pepala la pulasitiki kuopa mvula. Ndinaifotokopa kaye, chifukwa mphunzitsi uja anandilangiza kuti pepala lenileni ndisamalipereke ndisanasunge langa. Abwana anaiwerenga, anafunsa za mwana, kenako anatulutsa fomu ya tchuthi n'kundiuza kuti masiku asanu aja achotsedwa pa tchuthi changa cha pachaka.

Ndinakwiya, sindinama. Ndinkaganiza kuti ukabweretsa kalata ya adokotala ndiye kuti ndi tchuthi cha matenda basi. Ndinakafunsa kwa achimwene ena a kutchalitchi kwathu amene ankadziwa malamulo a ntchito, ndipo anandikhazika pansi. Lamulo la ntchito la 2000 limapereka tchuthi cha matenda kwa munthu amene watha miyezi 12 pantchito, masabata anayi pamalipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu pa theka la malipiro m'chaka, akabweretsa kalata yakuchipatala. Koma wodwalayo ayenera kukhala wantchito mwiniwake. Wodwala anali Tadala, ine ndinali bwinobwino. Malo ena antchito ali ndi masiku apadera a zovuta za pabanja m'mapangano awo, koma kwathu kunalibe, choncho panatsala njira ziwiri, kudula pa tchuthi cha pachaka kapena kundidula malipiro a masiku asanuwo. Ife ogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata tchuthi chathu chinali masiku 18 pachaka. Anandisiyira 13.

"Nanga kalatayo ndinavutikira chiyani, achimwene?" ndinawafunsa.

Anati kalatayo sinali yopezera ndalama. Lamulo lomwelo limalola abwana kuchotsa munthu amene wajomba popanda chilolezo komanso popanda chifukwa chomveka. Uthenga wanga wachiwiri ndi yankho la Amayi Banda zinali umboni wa chilolezo, kalata inali umboni wa chifukwa. Popanda ziwirizi, m'faelo mwanga mukanangolembedwa kuti sindinaoneke masiku asanu mkati mwa sabata yomwe munali alendo, ndipo tsiku lina wina akanadzatsegula faeloyo pofuna kuchepetsa antchito.

Ndinasaina fomu ija. Masiku asanuwo ndinali nditawasungira kukathandiza amayi kumweta mpunga mu May, moti chaka chimenecho ndinangopita kwa masiku ochepa n'kulemba aganyu. Mercy ndinamubwezera masiku ake awiri pa Isitala, pomwe loji inadzaza ndi anthu a ku Lilongwe ndipo aliyense ankafuna thaulo louma. Fotokope ya kalata ija ndinaipinda n'kuiika m'chikuto cha kabuku ka Tadala. Inadzatulukanso patapita miyezi isanu ndi itatu, pomwe kunabwera manijala watsopano n'kuyamba kuitana aliyense payekhapayekha m'ofesi. Za ameneyo ndidzakuuzani m'gawo 15.