Loweruka: masekondi 30 a shopu ya azakhali

Ndafika kushopu kwa azakhali cha m'ma 8 koloko m'mawa, ndawapeza atayamba kale kupalasa makina, tepi ili m'khosi. Kwatsala masabata atatu kuti sukulu zitsegulidwe mu Sepitembala, ndipo iyi ndiyo nyengo imene telala amapezerako ndalama ya lendi ya miyezi ingapo. Anandipempha Lachitatu kuti ndiwapangire kakanema kotsatsa malonda koti aponye m'magulu a WhatsApp: la amayi a kutchalitchi, la banki m'khonde, ndi la makolo a kusukulu ya pulayimale yapafupi.

Usiku wathawu ndinalemba mawu oti alankhule, ndipo ndinaikamo zonse zimene amasoka: masuti, zovala za chinkhoswe, madiresi a chitenje, makatani, kusintha zipi, mayunifolomu. Mawu onse analipo 94. Nditawerenga mokweza foni ikuwerenga nthawi, zanditengera masekondi 58. Mawu a Chichewa ndi aatali. Liwu limodzi ngati "isanatsegulidwe" limadya nthawi ya mawu atatu, ndiye kuwerenga mawu papepala kumanamiza, muyeso weniweni ndi pakamwa ndi wotchi. Titayesa kangapo taona kuti azakhali akamalankhula mwachifatse, mpweya ukukwana bwino, m'masekondi 30 mumalowa mawu 40 kapena kuposerapo pang'ono.

Apa ndi pamene tinakanganako. Ine ndinati tichotse zonse, titsale ndi yunifolomu yokha. Iwo anaimitsa makina n'kundiyang'ana.

"Iwe mwanawe, anthu aziti ine ndimangosoka zasukulu? Nanga masuti aja?"

"Azakhali, mayi amene akufuna suti mwezi uno ndi mmodzi, koma amene mwana wake yunifolomu yathina ali nyumba iliyonse. Akabwera ndi mwana adzaona yekha madiresi mwapachikawa. Za chinkhoswe tidzapanga kanema wake."

Anakhala chete pang'ono, kenako anati ngati zili choncho ndiye tinene chimene iwo amachita chosiyana ndi zogula kale pamsika. Anatenga diresi ya sukulu n'kuitembenuza, nandionetsa m'munsi: amapinda nsalu yokwanira zala zinayi, kuti mwana akatalika chaka chamawa angomasula ulusi n'kutsitsa. M'mbali namonso amasiya kansalu koti akulitsire. Ine ndakhala ndikulowa m'shopu imeneyi kuyambira ndili wamng'ono koma izi sindinkazidziwa, ndipo ndizo zakhala mtima wa kanema yense.

Mawu amene tinagwirizana ndi awa, pamodzi ndi zooneka.

Masekondi 3 oyamba, kamera ili pafupi ndi msana wa mwana, zipi ikukana kukwera: "Mwana wakula, yunifolomu yathina?"

Kuyambira pa 3 kufika pa 14, tepi paphewa, kenako dzanja likutambasula mpindiro uja: "Bwerani naye timupime. Timasoka madiresi, malaya ndi makabudula a sukulu, ndipo m'munsi timasiya nsalu yopinda yoti chaka chamawa tidzangotsitsa."

Kuyambira pa 14 kufika pa 19, singano ikuthamanga pansalu: "Mukabwera Lolemba, Lachisanu mwatenga."

Kuyambira pa 19 mpaka kumapeto, khomo la shopu likuoneka kuchokera panjira, azakhali ataima pomwepo: "Tili pamsika, kuseri kwa chigayo, chitseko chobiriwira. Nambala ndi imeneyo. Bwerani sukulu isanatsegulidwe."

Mzere wa Lachisanuwo poyamba ndinalemba Lachitatu chifukwa zimakoma kumva. Azakhali anakana. Anati sabata yomaliza ntchito imawunjikana, magetsi akathima makina omalizira m'mphepete mwa nsalu amaima, ndipo mayi mmodzi akabwera tsiku lolonjezedwa n'kupeza chovala sichinathe, adzakadandaula m'gulu lomwelo limene kanemayo anaponyedwa. Mtengo nawonso anakana kuutchula. Nsalu imakwera asanayembekezere, pomwe kanema amakhalitsa m'mafoni, ndipo munthu akhoza kudzabwera mu Januwale atagwira foni n'kumati munanena nokha. Pa zonse ziwirizi ndawamvera, ndipo ndikuona kuti akulondola.

Nambala ya foni sitinaiwerenge pakamwa. Manambala 10 adatitengera masekondi 7 titayesa, ndipo palibe amene angawaloweze pongomva kamodzi. M'malo mwake ndaiika pakanema kuyambira poyamba mpaka pomaliza, zilembo zoyera pakabokosi kakuda. Chifukwa china n'chakuti kanema wa m'magulu amayenda yekha. Wina amamusunga m'foni, mawa n'kutumizira mlamu wake, ndipo mawu amene munalemba pansi potumiza amatsala m'mbuyo. Chilichonse chofunika, dzina la shopu, malo ndi nambala, chiyenera kukhala m'kati mwa chithunzi chenichenicho. Komabe pansi ndalembaponso linki yoyamba ndi `https://wa.me/265` yotsatiridwa ndi nambala yopanda 0 woyamba uja, kuti wofuna angodina n'kuyamba kulemba.

Kujambula kunayamba cha m'ma 10. Foni ndinaiimika chilili, chifukwa ndi mmene anthu amaigwirira. Kamwana ka aneba ndiko kanavala yunifolomu yothina ija. Tinapempha kaye mayi ake, ndipo anavomera pokhapokha nkhope isaoneke, n'chifukwa chake tinajambula kumsana. M'shopu ndi mwamdima, ndiye tinakokera tebulo pakhomo kuti kuwala kugwere pansalu. Ulendo woyamba ndinaima m'kati moyang'ana kunja, azakhali anangooneka ngati chithunzithunzi chakuda. Nditatembenuka kuti khomo likhale kumbuyo kwanga, mtundu wa nsalu unaoneka bwinobwino.

Chimene chinativuta kwambiri ndi chigayo. Chomwecho chimene chimathandiza anthu kupeza shopu chinameza mawu onse. Tinadikira mpaka chitazima nthawi ya nkhomaliro, n'kukajambula mawu paokha kukachipinda kakumbuyo komwe amasungirako nsalu. M'menemo mawu samabwerera ngati m'chipinda chopanda kanthu, nsalu zimawagwira. Foni inali kutali ndi pakamwa ngati kutalika kwa chikhatho. Katatu koyamba azakhali ankalankhula ngati owerenga nkhani pawailesi, mawu ataumitsa. Ndinawalanda pepala ndi kuwapempha kuti andiuze ngati ndine kasitomala amene wangolowa. Kachinayiko ndiko tatenga. Nyimbo sindinaikemo, popeza nyimbo ili ndi mwini wake ndipo sitinapemphe chilolezo. Kulira kwa makina osokera, nditakutsitsa pang'ono pansi pa mawu, kwakwanira.

Madzulo ndalumikiza zonse mu CapCut, pulogalamu yokonzera makanema, ndi kulemba mawu aja pakanema, mzere umodziumodzi, chifukwa ambiri amaonera foni ili chete, m'minibasi kapena pantchito. Fayilo yoyamba inatuluka yolemera 41 MB. Munthu wa bandulo yochepa akaona nambala imeneyo sadina. Nditatsitsa kukula kwa chithunzi kufika pa `720p` yafika 7 MB, ndipo ulusi wa pampindiro ukuonekabe.

Ndisananyamuke ndinatumiza pa kafoni ka azakhali, kaja kagalasi losweka pakona, kuti tione mmene makasitomala awo adzaonere. Zilembo zimene pafoni yanga zimaoneka zazikulu, pamenepo anachita kutsinzinira kuti awerenge. Titayesa kuika pa Status, nambala ija inabisika ndi malo oyankhira a pansi. Ndaikweza kufika chapakati, zilembo ndazikulitsa, ndipo mzere wautali uja ndaugawa pawiri.

Tagwirizana kuti aponye mawa akaweruka kutchalitchi, koma m'gulu la makolo ayambe apempha oyang'anira gululo, chifukwa kumeneko amachotsa otsatsa malonda osapempha. Ndawagulira kakope koti aliyense wobwera ndi mwana azimufunsa kumene wamva, n'kulemba chizindikiro. Pamene ndimatuluka anali akudula nsalu ya buluu, ndipo anandiuza kuti Lolemba ndidzere kwa ogulitsa ulusi ndiwatengere woyera wambiri.