Kamuvi kokha sikakoka munthu, chimene chimakoka ndi ngongole

Dzulo usiku ndi pamene ndamvetsa chifukwa chimene makalosero anga a pa Instagram, mapositi aja a masilayidi angapo oswayipa ndi chala, anthu amangothera pa silayidi yoyamba, ndipo ndapuma ngati ndatula thumba la chimanga. Miyezi iwiri ndakhala ndikulimbana ndi kamuvi, kaja timaika pakona ya silayidi kouza munthu kuti aswayipe. Ndinkaganiza kuti vuto ndi kamuviko, nde ndinkangokasintha, lero kofiira mawa kachikasu, kena kokhota ngati kojambula ndi dzanja, kena ndalembapo "Swipe" ndi zilembo zazikulu ngati chikwangwani cha pamsewu. Palibe chinasintha.

Za kukula kwa silayidi, 1080 x 1350 zija, komanso kuti pano Instagram imalola masilayidi mpaka 20 pomwe kale inali 10, sindikambapo, tonse tinadutsa kumeneko. Chimene chinandivuta ine ndi chakuti munthu aswayipe chifukwa chani.

Chinanditsegula m'maso ndi mwana wa achemwali, ali sitandade 3. Amasewera zasukulu pakhonde iye ali mphunzitsi, nde akuti "dzuwa limatuluka ku...?" anzake onse "kum'mawa!" Kenako "tikadwala timapita ku chi...?" onse "chipatala!" Ndinangoima ndi kapu m'manja. Tonse tinakula nazo zimenezi, aphunzitsi, abusa pa guwa, ngakhale agogo pokamba nkhani, amadula mawu pakati ndipo pakamwa pako pamatseguka pokha kuti umalize ngakhale sunafune. Chiganizo chosatha chimayabwa. Ndiye ndinabwerera pa foni kukayang'ana masilayidi anga, onse amathera pa fulusitopu, chilichonse chanenedwa, munthu wakhuta, kenako pakona pali kamuvi kakumuuza kuti pitirira. Apite kukatani?

Mmene ndikuzionera pano ndi chonchi. Kamuvi kamangonena kuti kutsogoloku kuli njira. Chiganizo chodulidwa ndi chimene chimamupatsa chifukwa choyendera njirayo. Silayidi iliyonse ili ngati munthu wa ngongole pa okala, amabweza ya dzulo nkutenganso ina pompo. Ukangobweza osatenga ina, ubale watha, owerenga apita. Ukangotenga osabweza, akutulukira kuti ndiwe tambwali, apitanso.

Ndinayesera pa kalosero yomwe ndikupangira achemwali omwewo, amagulitsa mandasi ndi samusa ndipo amafuna tsamba lawo lizioneka lamoyo. Mutu wake ndi mandasi omwa mafuta. Poyamba ndinalemba "Njira zopewera mandasi kumwa mafuta" kenako silayidi iliyonse mfundo yake yathunthu, ngati manotsi a pa bolodi. Pano ndaipanga chonchi, masilayidi asanu:

Yoyamba: "Mandasi anu akumwa mafuta? Musanamizire ufa. Musanamizire yisiti. Wolakwa ndi..."

Yachiwiri: "Moto. Mandasi amamwa mafuta ngati mafutawo sanatenthe mokwanira, amakhalitsa m'poto kunja kusanaume. Nanga mudziwa bwanji kuti atentha, poti choyezera mulibe?"

Yachitatu: "Ponyani kachidutswa ka ufa wokandawo. Kakayandama msanga kakuchita thovu, ali bwino. Kakagona pansi, dikirani. Koma ngakhale atenthe chotani, pali chinthu chimodzi chimawaziziritsa nthawi yomweyo"

Yachinayi: "Kudzaza poto. Mandasi ambiri pakamodzi amatsitsa kutentha kwa mafuta. Ikani ochepa, azisambira momasuka. Ndipo mukawavuula..."

Yachisanu: "Musawaunjike m'beseni. Ayikeni pa sefa mafuta adonthe kaye." Apa palibe kamuvi, palibe madontho, pali nambala ya oda basi.

Taonani mawu oyamba pa yachiwiri ndi yachinayi. "Moto." "Kudzaza poto." Ngongole ikubwezedwa pa liwu loyamba lenileni, pamwamba, ndi zilembo zazikulu kuposa zina zonse. Apa ndi pamene ndinkalakwitsa poyesa koyamba, ndinadula bwinobwino pa yoyamba koma yachiwiri inayamba ndi "Anthu ambiri amene amaphika mandasi sadziwa kuti..." nde munthu waswayipa kufuna yankho akupeza mawu oyamba ena. Ndi bandulo yathuyi, komanso netiweki ikamavuta silayidi yotsatira imayamba yaima kaye isanatseguke, munthu wadikira kenako wapeza zimenezo, sakupatsanso mwayi wachitatu.

China chomwe ndazindikira ndi pomwe umadulira. Chichewa chili ndi malo ake. Ukadula pambuyo pa "koma", "chifukwa", "ndi", "kuti" kapena pa "mukawavuula" ngati pamwambapa, chiganizo chimatsala chili lende, chifukwa mawu amenewa amalonjeza kuti kukubwera china. "Mukawavuula" payekha sangaime, ka "ka" kali mkatimo kakudikira mnzake. Koma ukadula paliponse poti malo atha, mwachitsanzo "Mafuta akapanda kutentha mandasi anu" kenako silayidi ina "amamwa mafuta", sizikoka, zimangooneka ngati zilembo zinasefukira. Ndiye muyeso wanga ndi woti ndiwerenge mokweza ngati mwana uja, ngati mawu anga akukwera kumapeto ngati ndikufunsa kalasi, padulidwa bwino. Ngati ndikungomveka ngati ndatsamwa, ayi.

Kunena zoona njira imeneyi ndaikonda mwina mopitirira. Pano ndikuona ngati kalosero iliyonse padziko ingakonzeke ndi "koma" mmodzi woikidwa pamalo pake, ndipo mnzanga wa ku kosi ya dizayini akuti ndayamba kulankhula choncho ngakhale pa foni. Iye amakhulupirira za chithunzi chodutsa malire, zija umatsegula Canva, pulogalamu yopangira madizayini, nkupanga chinsalu chimodzi chachitali, masilayidi asanu ndi mapikiseli 5400 x 1350, kuika mizere pa 1080 iliyonse, kenako chithunzi cha poto nkuchikhazika pamzere kuti theka likhale pa yoyamba theka pa yachiwiri, nkudula. Zimagwira, sindikana, diso likaona poto wodulidwa limafuna kuona mbali inayo ndipo poswayipa zimaoneka ngati chinthu chimodzi chikuyenda. Koma kwa ine chimenecho ndi kamuvi kovala suti basi. Chimanena kuti kuli zina, sichinena kuti zinazo ndi zako.

Kamuvi sindinakataye. Kali pa yoyamba, pansi kumanja, koloza kumanja ngakhale chala chimapita kumanzere, poyamba zinkandisokoneza mpaka tsiku lina ndinakalozetsa kumanzere anthu nkumaganiza kuti ayambira pakati. Pamwamba kumanja sindiikako kanthu chifukwa ndi pomwe Instagram imaonetsa ka 1/5 kake. Ndipo pa yoyamba mpofunikadi, timadontho tija ta pansi pa chithunzi ndi tating'ono, munthu amene akuthamanga ndi chala satha kudziwa kuti positiyi ili ndi masamba. Akangoswayipa kamodzi wadziwa, kuyambira pamenepo kamuvi kakhoza kuchepa kapena kusowa, ntchito yatsala ndi ya mawu.

Chimene chikundiwawa ndi choti ku kosi yomwe ndikupanga Loweruka lililonse tinatha masabata atatu pa mitundu ndi mafonti. Atatu! Nkhani ya kuswayipa aphunzitsi anaidutsa mu mphindi zosakwana zisanu, "muziika kamuvi kuti anthu adziwe", basi tapita pa mutu wina. Nditafunsa kuti nanga akadziwa koma osafuna, anati tidzaona kutsogolo, mpaka lero kutsogoloko sitinafike ndipo kwatsala masabata awiri. Sindikuti sadziwa, madizayini awo ndi okongola kwambiri, koma ndi anthu ojambula, mawu amawatenga ngati chinthu chodzazira mpata. Komanso ine nthawi ndilibe, ndimaweruka 5 koloko, minibasi, kuphika, nde zoyeserazi ndimapanga 10 koloko usiku magetsi akakhalapo. Chinthu choti munthu akanangondiuza tsiku limodzi chanditengera miyezi iwiri ndi mwana wa sitandade 3.

Poti manambala a pa tsamba la achemwali ndi ochepa kwambiri kuti andiuze kanthu, ndimayesa mwachikale. Ndimapatsa munthu foni osanena chilichonse, ine nkumayang'ana chala chake osati nkhope. Chikaima pamwamba pa sikirini nkubweza foni, pamenepo ndi pomwe ngongole inatha. Lero ndapatsa anthu anayi kuntchito, atatu afika kumapeto, mmodzi waima pa yachitatu akuti anadziwa kale kuti yankho ndi kudzaza poto. Nde apo ndaphunziranso kuti ngati munthu atha kumaliza yekha chiganizo mosakayika, saswayipa, wadzibwezera yekha ngongole. M'kalasi mphunzitsi amafuna ana onse adziwe yankho, pa kalosero ukufuna aliganizire koma asatsimikize. Kusiyana kwake ndi kumeneko, ndipo ndi kopyapyala.

Ndinalakwitsanso potenga masilayidi omwewa nkuwaponya pa sitetasi ya WhatsApp, poti makasitomala ambiri a achemwali ali kumeneko. Pa sitetasi munthu amadina kuti apite kutsogolo, akaswayipa amalumphira kwa munthu wina, ndiye kamuvi kanga ndi mawu oti "Swipe" zinali kuthamangitsa anthu kupita kwa ena. Ziganizo zodulidwa zinagwirabe, kamuvi ndinachotsa.

Pomwe ndakakamira pano ndi silayidi yachiwiri. Adam Mosseri, mkulu wa Instagram, ananena mu 2024 kuti munthu akaona kalosero osaswayipa, nthawi zambiri amamuonetsanso kachiwiri kuyambira pa silayidi yachiwiri. Ndiye kuti pali anthu amene akumana ndi "Moto." asanawerenge bwino funso lake. Nchifukwa chake pa yachiwiri ndabwereza mawu oti mandasi ndi mafuta, kuti iime payokha ngati chikuto china. Koma ukaipanga yoima payokha kwambiri yoyamba ija imaoneka yopanda ntchito, ukaimangirira kwambiri ku yoyamba wobwera kachiwiriyo sakumva kanthu. Pa mandasi ndapulumuka poti nkhani ndi yaifupi, pa mutu wovuta sindikudziwa ndingatani.

Komanso sindikudziwa kuti munthu angapirire kudulidwa kangati. Pa zisanuzi ndadula kanayi, kawiri ndi madontho, kamodzi ndi funso, kamodzi ndangosiya chiganizo chopanda fulusitopu, dala kuti zisafanane. Nditawerenga kachitatu ine mwini zinayamba kunditopetsa, ngati munthu amene nkhani iliyonse amati "ndikuuze?" Pa masilayidi 10 mwina zimafunika ena azingopereka osapempha kanthu, koma angati, ati, sindinapeze. Mwinanso atatu aja anafika kumapeto chifukwa ndinali nditaima pambali pawo, kapena amangokonda mandasi. Ndiyesa Loweruka ndi ya samusa ndione.