Notisi ya temu yachiwiri yatuluka, koma chiganizo cha pageti chinandisowetsa tulo

Notisi ya temu yachiwiri yatuluka, ndipo ahedi asaina n'kudinda sitampa osasintha chilichonse. Kwa amene simunawerengepo zolemba zangazi, alamu anga amaphunzitsa giredi 4 pasukulu ina yaing'ono yomwe si ya boma ku Mtendere mu Lusaka, ndipo madzulo ndikaweruka ndimatenga mauthenga amene iwo amalembera makolo pa WhatsApp n'kuwasandutsa makalata a sukulu. Sindilandirapo kanthu, ndimangoikonda ntchitoyi. Masukulu a boma anasiya kulipiritsa fizi mu Januwale 2022, choncho nkhani ya ndalama yatsala kwambiri m'masukulu ngati iyi, momwe malipiro a aphunzitsi amachokera m'thumba mwa makolo.

Uthenga umene ndinayambira ndi uwu. Anautumiza pagulupu ya kalasi Lachinayi usiku pa 10 Julayi 2025, ndipo mayina ndawachotsa:

"Mwachoma bwanji makolo anga okondedwa, ana athu akuchita bwino tithokoze Mulungu. Chonde tikumbukire 450 yotsala ija, mayeso ayandikira, musatichititse kuti tibweze ana pageti, ife sitifuna zimenezo. Amake uje ndi atate ake a uje tinakumbutsana kale. Komanso Loweruka likubwerali tikumane m'mawa tikambirane zambiri. Titseka ikadutsa holide ya alimi. Osaiwala ya mapepala."

Uthengawu ndi wa munthu wokonda ana ake, ndipo makolo amawayankha alamu chifukwa cha kalankhulidwe komweka. Koma muli nkhani zinayi zopiringizana, ndipo palibe ngakhale imodzi imene kholo lingailembe pakalendala.

Za masiku sizinandivute kwenikweni. Munthu akalemba Lachinayi usiku kuti "Loweruka likubwerali", ena amva pa 12, ena pa 19, ndipo uthengawo ukatumizidwa kwa agogo amene amasunga mwanayo ku Kalingalinga patapita masiku, tsiku limene unalembedwa lasowa kale. Alamu ankanena pa 19. Holide ya alimi imakhala Lolemba loyamba la Ogasiti, mu 2025 pa 4, koma sukulu itseka Lachisanu pa 8, ndiye kholo lotsatira uthenga uja likanatha kukweza mwana basi ya ku Chipata Lachiwiri, masiku a sukulu akadalipo. Ine ndimalemba dzina la tsiku, deti, mwezi m'mawu ndi chaka, zonse pamodzi, ndipo nthawi ndimaiwerenga mpaka 24 monga timachitira kuno ku Zambia: 09:00, osati "m'mawa". Dzina la tsiku ndi deti zikakhala limodzi zimalonderana. Wina akalakwitsa polemba kuti Loweruka pa 18, kholo lokhala ndi kalendala liona msanga n'kufunsa.

Ndalama zinafuna kufunsa pang'ono. Fizi ya temu pasukulupa ndi K1,350, yolipira katatu, K450 ulendo uliwonse. Choncho 450 ija ndi yotsala kwa okhawo amene analipira kale kawiri. Amene analipira kamodzi atsala ndi K900, ndipo akaona 450 papepala lokhala ndi sitampa adzabwera nayo yomweyo n'kunena kuti sukulu ndiyo inalemba. "Ya mapepala" ija ndi K60 yosindikizira mayeso, yomwe sili m'kati mwa fizi ndipo ili ndi lisiti yakeyake. M'notisi ndinalemba fizi yonse ndi zigawo zake, osatchula balansi ya munthu aliyense. Mayina a makolo awiri aja ndinawachotsa osafunsa n'komwe. Ngongole ya munthu sitiilengeza pagulu, ndipo amene amanyamula manyaziwo Lolemba m'mawa ndi mwana wa zaka zisanu ndi zinayi.

Chimene chinandidyera masiku ndi chiganizo chija chakuti "musatichititse kuti tibweze ana pageti". Pakamwa pa alamu limeneli ndi dandaulo, ndipo kholo lililonse limamva kuti ndi dandaulo. Ndinayesa kuchilemba mwa kalata: "Mwana amene fizi yake sinathe sadzaloledwa kulowa m'kalasi." Chikumveka bwino, koma tsopano lasanduka lamulo la sukulu, lokhala ndi dzina la ahedi pansi pake, pamene palibe anakhalapo pansi kupanga lamulo lotere. Mlonda wa pageti akaliwerenga adzalitsata, ndipo mwana adzabwezedwa tsiku la mayeso.

Ndinayesa kuchifewetsa: "Sukulu ikhoza kuchitapo kanthu pa fizi yotsala." Ichi ndinachida kuposa choyamba. Chimaopseza osanena kanthu, kholo silidziwa choti likonzekere, ndipo amene ali ndi mantha amangosiya mwana kunyumba. Kenako ndinachichotseratu, ndipo alamu atawerenga anandiimbira foni.

"Alamu, mwachotsa mano onse. Akaona chonchi palibe alipire, ndipo ife mwezi uno tilandira chiyani?"

Ankanena zoona. Ndinawafunsa kuti, "Nanga alamu, mwana akabwera tsiku la mayeso balansi isanathe, chimachitika n'chiyani kwenikweni?" Anati zimatengera amene ali pageti tsiku limenelo. Pamenepo ndinaona kuti palibe kalembedwe kangakonze nkhaniyi, chifukwa chosowacho ndi chigamulo. Ndinalemba mafunso atatu pakapepala kuti alamu akapereke kwa ahedi: tsiku lomaliza kulipira ndi liti, lipitirira chichitike n'chiyani, ndipo kholo limene lalephera likaonane ndi ndani. Yankho linabwera Lolemba, lolembedwa pamanja kuseri kwa kapepala komweko. Mwana aliyense alemba mayeso. Lipoti la temu lidzaperekedwa fizi ikatha, kapena kholo likagwirizana ndi ofesi za kalipiridwe. Tsiku lomaliza ndi pa 25 Julayi.

Zimenezi n'zofatsa kuposa zimene ndinalemba poyamba, koma zili ndi mano amene alamu ankafuna, chifukwa n'zimene sukulu ichitedi. Kuyambira tsopano chiganizo chilichonse ndikuchiyesa chonchi: kholo likabwera ku ofesi litanyamula pepalali n'kuloza mzerewu, ahedi avomera kuti ndi mawu awo? Ngati yankho likukayikitsa, mzerewo ubwerere kwa eni ake ngati funso.

Notisi yake inatuluka motere, pansi pa dzina la sukulu ndi deti la Lolemba, 14 Julayi 2025:

"Kwa makolo ndi osunga ana a giredi 4. Fizi ya temu yachiwiri ndi K1,350, yolipira m'zigawo zitatu za K450. Chonde malizani kulipira pofika Lachisanu, 25 Julayi 2025. Ndalama ya mapepala a mayeso ndi K60, yolipira padera pofika tsiku lomwelo. Lipirani ku ofesi kapena panambala ya sukulu ili m'munsiyi, tchulani dzina la mwana ndi giredi, ndipo tengani lisiti. Ana onse adzalemba mayeso. Lipoti la temu lidzaperekedwa fizi ikatha kapena mukagwirizana ndi ofesi za kalipiridwe. Ngati zavuta, onanani ndi ahedi lisanafike tsikuli.

Msonkhano wa makolo udzakhala Loweruka, 19 Julayi 2025, kuyambira 09:00 mpaka 11:00, m'kalasi ya giredi 4. Tidzakambirana za kukonzekera mayeso ndi za kuwerenga kunyumba.

Sukulu idzatseka Lachisanu, 8 Ogasiti 2025, ndipo idzatsegula Lolemba, 8 Sepitembala 2025. Zikomo chifukwa chogwira nafe ntchito limodzi."

Nthawi yomaliza msonkhano ndinaumirira kuti ilembedwe. Mayi wogulitsa pamsika wa Soweto sangasiye tebulo lake Loweruka ngati sakudziwa kuti abwerako nthawi yanji. "Osunga ana" ndinawonjezera chifukwa ana ambiri m'kalasimo amakhala ndi agogo kapena azakhali. Za nambala, ndinapempha kuti pakhale ya sukulu yokha ya Airtel Money kapena ya MTN, osati ya mphunzitsi, chifukwa ndalama ikalowa m'foni ya alamu lisiti ya sukulu sipakhala, ndipo mkangano ukabuka umagwera iwo.

Moni wa alamu sindinautaye. Iwo amalemba mawu awoawo pagulupu, "mwachoma bwanji" ndi kuyamikira ana, kenako n'kutumiza notisi mu uthenga wapadera. Wapaderawo ndi umene umayendayenda m'mafoni a anthu. PDF yokhala ndi sitampa timatumiza, koma ambiri saitsegula, ena chifukwa cha mabandulo, ena chifukwa foni yadzaza, ndiye mawu omwewo ndimawaikanso ngati uthenga wamba. Mitu ndimaikuza ndi nyenyezi, monga `*MSONKHANO WA MAKOLO*`, ndipo samalani kuti pasakhale mpata pakati pa nyenyezi ndi chilembo, apo ayi nyenyezizo zimangoonekera. Kwa amene ali ndi mafoni a mabatani pali SMS, yomwe imatenga zilembo 160, motero fizi imapita payokha, msonkhano pawokha.

Deti la pamwamba lija ndinalizindikira kufunika kwake mu 2024, kolera itavuta. Masukulu ankayenera kutsegula pa 8 Januwale, boma linasunthira pa 29 Januwale, kenako pa 12 Febuluwale. M'magulupu a makolo munkazungulira mauthenga atatu osiyana, onse opanda deti, ndipo ena anagula yunifolomu n'kuperekeza ana kusukulu yotseka. Kuchokera nthawi imeneyo notisi iliyonse yosintha tsiku ndimaiyamba ndi mzere wakuti "Notisi iyi ikulowa m'malo mwa ya pa deti lakuti."

Zosindikiza ndimakapangitsa kwa bambo wina ku Kamwala, amene amagulitsanso mapepala a A4. Ndimamukonda chifukwa amasindikiza tsamba limodzi kaye n'kukupatsa uwerenge asanatulutse onse, ndipo amadula mowongoka. Notisiyi imakwana pa theka la tsamba, choncho pepala limodzi limatulutsa ziwiri, ndipo theka limalowa m'kope la mwana osapindika. Ndisanapite kumeneko ndinapatsa mayi woyandikana nafe nyumba kuti awerenge kamodzi, ndinalanda pepala, n'kuwafunsa kuti ndalama ndi zingati, liti, kuti, ndipo akalephera atani. Anayankha zonse, kupatula K60 ija, imene ankaganiza kuti ili m'kati mwa K1,350. Mawu akuti "yolipira padera" anabwera chifukwa cha iwo.

Chotsala ndi timapepala ta balansi ya mwana aliyense payekha, totsekera mu envulopu. Ndikufuna kutitulutsa kuchokera mu Excel kupita mu Word, koma buku la fizi la sukuluyi n'lolemba pamanja ndipo wina ayenera kulikopera lonse kaye. Aphunzitsi a giredi 2 ndi a giredi 6 atumiza kale mauthenga awo kudzera mwa alamu, wina ndi wa mawu ojambula, wa mphindi zingapo. Ndikulingalira zopanga kabuku ka manotisi a chaka chonse, a fizi, a misonkhano, a kutseka ndi kutsegula, mu Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chingerezi, koti sukulu iliyonse ya m'komboni izingodzazamo madeti. Womasulira wa Chitonga sindinamupezebe.