Mmene ndinalembera kampani kufunsa ntchito ndisanagwireko kwina kulikonse

Nditamaliza digiri yanga ya zogula ndi kusunga katundu ndinakhala miyezi ingapo ndikutumiza mameseji ku makampani popanda olo mmodzi wondiyankha, ndipo pano ndimaona kuti vuto silinali loti ndinalibe ekisipiriyensi ayi, vuto linali mmene ndinkafunsira. Ndinkalemba kuti muli bwanji, ndangomaliza sukulu, ngati kuli ntchito ina iliyonse chonde mundiganizire, nkumata sivi basi. Nde taganizani munthu amene watsegula imeloyo m'mawa ali ndi ena ambirimbiri oti awerenge, mawu oti ntchito ina iliyonse aja akuyankha bwanji? Sakudziwa kuti ayitumize ku dipatimenti iti, sakudziwa chomwe umatha, ndiye chophweka kwa iye ndi kungoyidutsa. Ndikufuna ndifotokoze ulendo umodzi womwe ndinasintha kachitidwe, kuyambira pofufuza adiresi mpaka tsiku lomwe anandiyankha.

Kampani yake ndi yogulitsa katundu mopikulitsa, ili ndi nyumba zosungiramo katundu zingapo, ndipo sinali italengeza ntchito iliyonse panthawiyo. Choyamba ndinakhala madzulo athunthu pa webusayiti yawo. Pansi penipeni pa tsamba loyamba panali mawu oti Careers, nditadina ndinapeza kuti mulibe ntchito yatsopano koma munali zolengeza zakale ziwiri zomwe tsiku lotsekera linali litadutsa kale. Anthu ambiri akaona choncho amangotseka, koma ine zakalezo ndi zomwe zinandithandiza kwambiri chifukwa ndinaonamo dzina lomwe iwowo amaitanira ntchito ya oyamba kumene, yomwe inali kalaliki wa sitoko, ndinaonanso zomwe amafuna: kudziwa Excel, kuwerenga katundu, kufananiza zomwe zili m'buku ndi zomwe zilidi pa shelefu. Ndinazilemba pa pepala zitatuzi.

Adiresi ndiye inanditayitsa nthawi. Pa webusayiti panali ija yoyamba ndi info, yomwe imalandira chilichonse, madandaulo a makasitomala, otsatsa malonda, zonse mumodzi. M'cholengeza chakale chija munali ina ya ofesi yolemba anthu ntchito ndipo ndinasankha imeneyo. Ndinayang'ananso pa LinkedIn nkupeza mayi wina yemwe amayang'anira zolemba anthu ntchito pakampanipo, sindinawalembere kumeneko koma ndinatengako dzina lawo kuti moni wanga upite kwa munthu osati kwa ofesi chabe. Nambala yawo ya foni mnzanga wina anati akhoza kundipezera kuti ndiwalembere pa WhatsApp, ndinakana, munthu amene sanakupatse yekha nambala yake ukamulembera usiku kumufunsa ntchito umayamba ndi kumukwiyitsa.

Tsopano pa nkhani ya ekisipiriyensi, apa mpomwe ndinakhalitsa masiku awiri. Kale ndinkayamba ndi kupepesa, kuti ngakhale sindinagwireko ntchito, ndiye chiganizo choyamba chomwe munthu akuwerenga chikumuuza chomwe ndilibe. Pa ntchito ya oyamba kumene amadziwa kale kuti sunagwireko, chomwe akufuna kuona ndi choti kodi unayamba wagwirako chinthu ndi manja ako chofanana ndi ntchitoyo. Ndinakhala pansi kuganiza zomwe ndinachitadi zaka zinayi zija. Mu chaka chomaliza pulojekiti yanga inali yokonza kaundula wa zipangizo za mu labu ya dipatimenti yathu, zinthu zoposa 400 zomwe zinali zolembedwa m'mabuku atatu osiyana, ena pamanja, ndinaziwerenga chimodzichimodzi nkuzilowetsa mu Excel, ndipo ndinapeza kuti 37 zinali m'buku koma pa shelefu palibe, zina zinalembedwa kawiri ndi mayina osiyana. Ine ndinkaona ngati ndi ntchito ya kalasi chabe yongofuna malikisi, koma nditayiika pambali pa pepala lija la zinthu zitatu ndinaona kuti ndi ntchito yomweyo ya kalaliki wa sitoko, kusiyana kwake kunali koti sankandilipira. Musaname, musatenge pulojekiti ya gulu nkunena kuti munapanga nokha, chifukwa pa intavyu amafunsa mozama ndipo zimaoneka msanga. Ingonenani gawo lanu ndi manambala ake enieni.

Imeloyo ndinalemba m'chilankhulo chomwe kampaniyo imagwiritsa ntchito pa webusayiti yake, koma zomwe ndinanena ndi izi. Pa Subject ndinaika kuti womaliza digiri ya zogula ndi kusunga katundu, kufunsa za ntchito ya kalaliki wa sitoko. Mkatimo nditapereka moni kwa mayi aja ndi dzina lawo lachiwiri, ndinati:

"Ndamaliza digiri ya zogula ndi kusunga katundu chaka chino ndipo ndikufuna kuyamba ntchito m'gawo lanu losunga katundu, ngati kalaliki wa sitoko kapena wophunzira ntchito. Pa pulojekiti yanga yomaliza ndinawerenga zipangizo zoposa 400 za mu labu, nkuzilowetsa mu Excel kuchokera m'mabuku atatu, ndipo ndinapeza 37 zomwe sizinkagwirizana ndi zolembedwa. Ndaona kuti pakali pano simunalengeze ntchito. Kodi mukuyembekezera kulemba anthu a gawo limeneli miyezi ikubwerayi, ndipo ngati ndi choncho ndidzatumize kuti kalata yanga? Ndaphatikiza sivi yanga ya tsamba limodzi. Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu."

Pansi pake dzina langa lonse ndi nambala ya foni, basi. Ndinayesa kudzitumizira ndekha kaye nkuitsegula pa foni kuti ndione ngati yonse ikukwana osatsitsa kwambiri, chifukwa ambiri amawerengera pa foni. Funso lija ndinalisankha dala, ndi funso loti munthu wotanganidwa akhoza kuyankha ndi mzere umodzi, inde mwezi wakuti, kapena ayi, osati loti ndipatseni ntchito lomwe sangayankhe olo atafuna chifukwa ntchito sapereka yekha. Mavuto a kunyumba sindinaikemo ngakhale analipo ndithu ndipo ankandisowetsa tulo, munthu wolemba ntchito akhoza kukumvera chisoni koma kwa abwana ake sakafotokoza chisoni, amakafotokoza chomwe ungagwire.

Za sivi ndinena mwachidule. Tsamba limodzi, pulojekiti ija ili pamwamba isanafike mndandanda wa maphunziro, ndipo ndinayisunga ngati PDF kuti mizere isasokonekere akatsegula pa kompyuta ina. Osajambula pepala ndi foni nkutumiza chithunzi, makampani ena amagwiritsa ntchito pulogalamu yosefa masivi yomwe imawerenga mawu, chithunzi ikhoza kulephera kuchiwerenga. Njira yoyesera ndi yophweka, tsegulani PDF yo muyese kusankha mawu ndi kuwakopa, akakopeka ndiye kuti ili bwino. Dzina la fayilo linali chonchi:

```
CV_Dzina_Lachiwiri.pdf
```

Masatifiketi sindinatumize poti sanafunse. Gmail imalola mpaka 25 MB koma kutumizira munthu mulu wa mafayilo asanakudziwe sikuthandiza chilichonse. Ndinatsegulanso adiresi ya imelo yatsopano ya dzina langa lenileni chifukwa yakale inali ya dzina lomwe anzanga ankandiitanira ku sekondale.

Ndinamaliza kulemba Lamlungu usiku koma sindinatumize nthawi yomweyo, ndinadina kamuvi kali pambali pa Send nkusankha Schedule send kuti ipite Lachiwiri m'mawa, maganizo anga anali oti Lolemba munthu amakhala akulimbana ndi zonse zomwe zaunjikana kumapeto a sabata. Itangopita, pasanathe olo mphindi imodzi, inabwera meseji yochokera kwa Mail Delivery Subsystem yoti Address not found. Mtima unagunda kwambiri. Nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti pokopera adiresi pa pepala ndinasiya chilembo chimodzi, ndiye ndinabwerera pa webusayiti nkuikopa mwachindunji, ndinatumizanso ndipo ulendo uno sinabwerere. Mukaona meseji imeneyi dziwani kuti imelo yanu sinafike kwa aliyense, musakhale mukudikira yankho. Chinanso chomwe ndinkalakwitsa kale ndi kuika makampani ambiri pa To kapena pa Cc nthawi imodzi, aliyense nkumaona kuti meseji yomweyo yapitanso kwa anzake, ndipo olo mutabisa ndi Bcc mawu ake amaonekabe kuti sanalembedwere iwowo.

Kenako kudikira, komwe ndi kovuta kuposa kulemba. Sabata yoyamba kunali zii. Ndinali nditadziuza kale kuti ndidikira masiku asanu ndi awiri a ntchito ndisanakumbutse, ndipo ndidzakumbutsa kamodzi kokha. Tsikulo litakwana sindinayambe imelo yatsopano, ndinapita mu Sent nkudina Reply pa imelo ija ndinatumiza ku adiresi yolondola kuti zonse zikhale pamodzi asavutike kufufuza, nkulemba mizere iwiri yoti ndikungokumbutsa za funso langa lili m'munsimu, ndipo ngati pali wina woyenera kumufunsa ndingathokoze atandilozera.

Patapita masiku awiri anayankha, osati mayi aja koma wothandizira wawo. Anati pakali pano palibe malo, koma amatenga anthu aganyu owerenga katundu kumapeto a chaka chawo cha zachuma, ndipo ena mwa iwo ndi omwe amayamba kuganiziridwa malo a kalaliki akapezeka, anandiuza mwezi wake ndi kuti ndidzalembe kudzera pa fomu ya pa webusayiti ikadzatsegulidwa. Sinali ntchito, koma ndinadziwa zinthu ziwiri zomwe sizinalembedwe paliponse, mwezi wake ndi khomo lolowera. Ndinayankha tsiku lomwelo kuthokoza, nkulemba mweziwo pa kalendala ya pa foni kuti indikumbutse sabata ziwiri usanafike.

Sabata yomweyo ndinalandiranso meseji ina yochokera ku adiresi ya Gmail wamba, yodzitcha kampani ina yomwe sindinayilemberepo, yoti ndasankhidwa ndipo ndilipire kaye ndalama ya fomu ndi yoyezetsa kuchipatala ndisanapite ku intavyu. Munthu ukakhala nthawi yaitali osayankhidwa meseji ngati imeneyi imakusangalatsa usanaganize nkomwe, ndinayiwerenga katatu. Chomwe chinandiimitsa ndi choti yankho lenileni lija linachokera ku adiresi yothera ndi dzina la webusayiti ya kampaniyo ndipo silinafunse ndalama, pomwe iyi inkandifulumizitsa kuti ndilipire tsiku lomwelo. Ndinayifufuta.

Fomu ija itatsegulidwa ndinalemba tsiku loyamba lomwelo, ndipo pa malo ofunsa kuti munamva bwanji za ntchitoyi ndinatchula imelo ya wothandizira uja ndi tsiku lomwe anandiyankha. Anandiitana ku intavyu ya mphindi 20, ndipo funso lawo loyamba linali loti zinthu 37 zija ndinazipeza bwanji, nditazipeza ndinachita nazo chiyani.