Zimene ndinagula poika makalavati pageti

Pakati pa geti langa ndi msewu pamadutsa ngalande, ndipo kuti galimoto izilowa panafunika powolokera. Anthu ambiri amayamba ndi kufunsa mtengo wa makalavati kwa anyamata oumba m'mbali mwa msewu. Mmisiri wanga, bambo wachikulire, anandiletsa. Anati, "Achimwene, tiyambe tayeza kuya kwa ngalande, ndiyo itiuze zogula."

Chifukwa chake n'chakuti pansi pa m'kati mwa paipi payenera kulingana ndi pansi pa ngalande. Paipi ikakwera, madzi amaima pakhomo pake n'kumafukula kunsi. Ikatsika, imadzaza mchenga mvula yoyamba yomwe. Tsono kalavati ya masentimita 60 m'kati, ukaonjeza kuchindikala kwa khoma lake, kumene kwa ife kunali masentimita 6, ndi konkire ya masentimita 15 pamwamba, imafuna ngalande yakuya kuposa masentimita 80. Yathu inali pafupifupi 90, choncho zinatheka. Ikanakhala yosaya, tikanamanga makoma awiri m'mbali n'kuika silabu ya zitsulo pamwamba, apo ayi pageti pakanakhala chitunda chokhula galimoto kumimba.

Zilipo za masentimita 45 zotsikirako mtengo, koma sindinazifune. M'ngalande za m'tauni mumayenda majumbo, mabotolo ndi zitsononkho za chimanga, ndipo paipi yopapatiza ikatseka munthu sangalowemo ndi fosholo. Ndinakafunsanso kukhonsolo ndisanakumbe, poti ngalandeyo ndi ya msewu, si ya pa poloti panga.

Njira yolowera ndi yotambalala mamita 4, ndiye ndinatenga makalavati anayi a mita imodziimodzi. Posankha, mmisiri ankagogoda iliyonse ndi kachitsulo: youma bwino imalira kuti ngwee, yosweka m'kati imalira mogontha. Ankakandanso m'milomo ndi msomali. Ikamayoyoka mchenga, ndiye kuti oumba anaumira simenti. Funsaninso ngati muli waya m'kati ndiponso kuti anaumba liti, chifukwa konkire imafika pa mphamvu yake pakatha masiku 28.

Zathu zinalibe waya, ndipo apa ndi pamene ndalama zambiri zinapita. Kalavati yopanda waya, yokhala pafupi chonchi ndi matayala, singasenze yokha lole ya mchenga. Imafuna kuikuta ndi konkire mbali zonse. Tinakumba dzenje lotambalala mita imodzi ndi pang'ono, n'kuzamitsa masentimita 21 kupitirira pansi pa ngalande: 15 a konkire yoyala pansi, 6 a khoma la paipi. Konkire yoyalayo pa mamita 4 inakwana makyubiki mita 0.6, ndipo yokuta m'mbali ndi pamwamba inatsala pang'ono kukwana 2. Zonse pamodzi 2.5.

Tinasakaniza muyezo umodzi wa simenti, itatu ya mchenga, isanu ndi umodzi ya miyala. Pogwira ntchito zimenezi ndi matumba awiri a makilogalamu 50, mawilibala atatu a mchenga ndi mawilibala 6 a miyala ya kwale, wilibala yodzaza mosasefukira. Konkire yotere imadya matumba anayi ndi theka pa kyubiki mita, choncho ndinagula matumba 12, mchenga mawilibala 18, miyala mawilibala 36. Mchenga ukhale wa kumtsinje, wokhakhala. Wa kudambo uli ndi dothi, ndipo mukaufinya wonyowa umadetsa dzanja n'kuumbika. Umenewo ndi wofooketsa konkire.

Poyala pansi tinamanga chingwe chotsika masentimita awiri pa mita iliyonse, kutanthauza 8 kuchoka kolowera madzi kufika kotulukira. Kutsetsereka kumeneku kumapangitsa madzi kukokolola okha mchenga. Mapaipi tinawatsitsa ndi zingwe kuyambira kumunsi, n'kumata molumikizana monse ndi matope a simenti, kunja ndi m'kati momwe. Konkire ya m'mbali tinkathira mosinthanitsa, uku pang'ono uku pang'ono, kuti paipi isasunthe, kwinaku tikujoba ndi chitsulo kuti ilowe kunsi kwa mimba ya paipi. Malo amenewo akatsala mphako, ndi pamene mng'alu umayambira.

Anthu amakonda kusiyira pomwepo, koma madzi amadya kumapeto. Ndinaonjeza matumba atatu a simenti ndi miyala ikuluikulu yomangira makoma a kukamwa konse kuwiri, maziko ake ozama kuposa konkire yoyala ija, ndiponso tinawaka miyala pansi pa ngalande mita imodzi kotulukira madzi. Pamwamba tinathira dothi la nsangalabwi n'kusinja bwino.

Konkire tinaifunditsa masaka n'kumaithirira m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu. Galimoto yaing'ono inayamba kudutsa patatha masabata awiri, koma lole ya njerwa inadikira panja mpaka masiku 28 atakwana.