Chophikira cha dzuwa: ndapeza malo oyenera poto

Patha milungu itatu chiyambire kusandutsa dishi yakale ya kanema kukhala chophikira cha dzuwa, ndipo Loweruka lapitali madzi anawira koyamba. Chomwe chinandichedwetsa si foyilo kapena guluu ayi, koma masentimita 20 omwe ndinalakwitsa poika poto. Ndalemba zonse pano chifukwa cholakwa chimenechi n'chosavuta kuchita, ndipo munthu akhoza kutaya dishi yabwinobwino poganiza kuti dzuwa siliphika.

Dishi yanga ndi yozungulira bwinobwino, ya masentimita 120 kuchoka mlomo uku kufika uko. Ndinaitsuka, n'kuipala dzimbiri ndi sandipepa, kenako n'kumata foyilo wa kukhitchini. Foyiloyo ndinamudula m'zidutswa 24 zosongoka mbali imodzi, nsonga zonse zikuloza pakati, chifukwa chidutswa chachikulu chimachita makwinya chikafika pamalo okhota. Ndinkasalaza chilichonse ndi kansalu kofewa guluu asanaume.

Tsiku loyamba kuyesa ndinathira malita 2 a madzi m'poto wa aluminiyamu wa masentimita 20 m'mimba mwake, wopakidwa penti wakuda kunja konse. Madzi anayamba ali pa madigiri 24. Patatha mphindi 20, dzuwa likuswa mtengo, anali atangofika pa 31. Ndinakhumudwa kwambiri. Chinandidabwitsa n'chakuti nditasendeza dzanja pansi pa potoyo, patali ndithu, ndinalibweza msanga chifukwa panali potentha ngati pa mbaula. Moto unalipo, koma unkayakira m'malere.

Kuti ndimvetse, ndinabwerera ku mmene dishi imagwirira ntchito. Dzuwa lili kutali kwambiri moti kuwala kwake kumafika ngati mizere yoongoka yoyenda limodzi, yosayandikirana. Mzere uliwonse ukagunda malo onyezimira umanjanja, ndipo umachoka mopendekeka mofanana ndi mmene unafikira, monga mpira ukamenyedwa pakhoma. Galasi lafulati limangobweza mizere yonse ija ili limodzibe, n'chifukwa chake silitentha kanthu. Koma dishi inakhotetsedwa mwa mtundu wotchedwa parabola: pakati ndi pafulati pang'ono, ndipo kupendekeka kumawonjezeka ukamapita kumlomo. Mzere wogwera pafupi ndi pakati umabwerera pafupifupi chokwera, wogwera kumlomo umakankhidwira mkati kwambiri, ndipo yonse imakakumana pamalo amodzi otchedwa fokasi. Dishi siyipanga kutentha kwatsopano. Imangosonkhanitsa kuwala komwe kukanagwera pamalo aakulu n'kukuunjika pamalo aang'ono.

Mtunda wa fokasi umawerengedwa ndi miyeso iwiri yokha. Ndinagoneka thabwa loongoka pamwamba pa dishi, kudutsa pakati, n'kuyeza kuchoka pathabwapo kutsikira pansi penipeni pa dishi. Kuya kwake kunali masentimita 20. Ngati `D` ndi kukula kwa dishi, `d` ndi kuya kwake, ndipo `f` ndi mtunda wa fokasi, masamu ake ndi awa:

```
f = D² / (16 × d)
f = 120² / (16 × 20) = 14400 / 320 = 45
```

Masamuwa ndinawapeza bwino tsiku loyamba lomwe. Pomwe ndinalakwa ndi poyambira kuyeza. Masentimita 45 amenewa amayambira pansi penipeni pa dishi, pakati pake, osati pamlomo. Ine ndinayeza kuchokera pathabwa lija, motero poto anakwera masentimita 20 kupitirira fokasi. Fokasi yeniyeni ili masentimita 25 okha pamwamba pa mlomo.

Mwina wina angati masentimita 20 si ambiri. Pa dishi imeneyi ndi ambiri zedi. Mizere ya kuwala siima ikafika pa fokasi, imapingasana n'kupitirira, kenako n'kumwazikananso. Mzere wochokera kumlomo umayenda masentimita 60 cham'mbali pamene wakwera masentimita 25 okha, kutanthauza kuti pa sentimita iliyonse yokwera umasuntha masentimita 2.4. Pamene panali poto wanga, kuwala kunali kutafutukuka kale kukhala bwalo la masentimita pafupifupi 96. Poto wa masentimita 20 ankangolandira kuwala kochokera pakati pa dishi, pomwenso mbali ina inali mumthunzi wa poto yemweyo. Kuwala kochokera kumlomo, komwe ndi kochuluka chifukwa kunja kwa bwalo ndiko kuli malo aakulu, kunkadutsa m'mbali n'kupita kumwamba.

Lachitatu ndinatsimikizira fokasi ndi maso, chifukwa dishi yakale imatha kupindika ndipo masamu sadziwa zimenezo. Ndinavala magalasi akuda, ndinatenga kathabwa kataliko konyowetsa ndi madzi, n'kukatsitsa pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, nditaima chakumbali. Bwalo lowala pansi pa kathabwako linkachepa, linafika pochepetsetsa, kenako n'kuyambanso kukula. Pochepetsetsapo panali pa masentimita 44, pafupi kwambiri ndi zomwe ndinawerengera, ndipo bwalolo linali la masentimita 7 kapena 8. Silingakhale kadontho ayi. Dzuwa lenilenilo lili ndi kukula kwake kumwamba, pafupifupi theka la digiri, ndipo foyilo womata ndi manja sasalala ngati galasi. Kathabwako kanauma n'kuyamba kufuka ndisanamalize kuwerenga mpaka makumi awiri. Musagwiritse ntchito pepala poyesa izi, ndipo musaweramire mkati mwa dishi yoloza dzuwa.

Nditaipeza fokasi ndinaika pansi pa poto ndendende pamenepo, n'kuphika mpunga. Unapsa, koma pakati panapserera kamalo kakang'ono kozungulira pamene m'mbali munali mukadali madzi, ndipo penti wa pansi anatukusira pamalo omwewo. Apa ndi pomwe ndaphunzira chinthu chachikulu pa ntchito yonseyi: pansi pa poto sipafunika kukhala pa fokasi penipeni. Poto atsike pang'ono kulowera kudishi, kuti akumane ndi kuwala kusanamalize kusonkhana, fokasiyo ikhale ngati ili mkati mwa poto. Ndinamutsitsa ndi masentimita 3. Pa dishi yanga zimenezi zimafutukula bwalo ndi masentimita pafupifupi 14, ndipo tikaphatikiza ndi kumwazika kwa foyilo kuja, kuwala kumadzaza pansi ponse pa poto popanda kutayikira kunja kwenikweni. Ndimaona kuti zili bwino ndikasuzumira cham'mbali, nditavala magalasi: pansi ponse pamawala mofanana, ndipo chitsulo chogwira poto sichinyezimira kwambiri. Kutsitsa kuli bwino kusiyana ndi kukweza chifukwa kuwala kophonya pansi kumakhala kukulowerabe mkati, ndiye kumagunda m'mbali mwa poto. Kukapitirira fokasi kumakhala kukuthawa.

Loweruka ndinabwereza kuyesa kuja, malita 2 omwewo, poto yemweyo, wovindikira. Madzi anachoka pa madigiri 24 kufika pa 74 m'mphindi 20. Kutenthetsa lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi kumafuna majulo pafupifupi 4186, choncho popeza malita 2 anakwera madigiri 50 m'masekondi 1200, omwe ndi mphindi 20 zija, mphamvu yolowa m'madzi pa sekondi iliyonse ndi iyi:

```
P = (2 × 4186 × 50) / 1200 ≈ 349
```

Ndiye kuti mawati pafupifupi 350, pamene tsiku loyamba lija anali osakwana 50. Madzi anawira pa mphindi 34. Kuno ku Lilongwe amawira asanafike pa madigiri 100, cha m'ma 96 kapena 97, chifukwa tili pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1000 kuchokera pa nyanja yaikulu, choncho choyezera chikaima pamenepo si kuti chophikira chalephera. Pakamwa pa dishi yanga ndi pa masikweya mita 1.13, ndipo dzuwa la masana kopanda mitambo limapereka mawati oyandikira 1000 pa sikweya mita. Kunena zoona ndikungogwira gawo limodzi mwa magawo atatu. Kwina kumatayika pa foyilo, kwina mphepo imachotsa pa poto, ndiponso mwezi uno wa Seputembala kumwamba kwachita mbuu ndi fumbi ndi utsi wa moto wolusa. Dishi imasonkhanitsa kuwala kochokera ku dzuwa mwachindunji kokha. Kuwala komwazika ndi utsi kapena mitambo kumabwera kuchokera mbali zonse ndipo sikukumana pa fokasi. Ndikaona kuti mthunzi wanga pansi ndi wosaoneka bwino m'mphepete, ndimadziwa kuti tsiku limenelo nyemba zipita pa makala.

Zonsezi zimagwira ntchito dishi ikaloza dzuwa ndendende. Ndinamangirira kathabwa kumlomo, kogona mofanana ndi pakamwa pa dishi, n'kukhomapo msomali woima chilili. Mthunzi wa msomali ukasowa, dishi yaloza bwino. Dzuwa limayenda madigiri 15 pa ola, ndiye pa mphindi 15 bwalo lowala limasuntha pafupifupi masentimita 3 pansi pa poto wanga. Ndikalekerera theka la ola, mbali ina ya kuwala imakhala yatuluka kunja. Panopa ndimatembenuza dishi mphindi 15 zilizonse, nditaima kumbuyo kwake. Ndikafuna kuvundula kapena kuphula poto, ndimayamba ndaipotoza kuti isaloze dzuwa. Ndikamaliza ndimaifunditsa chitenje chakale, chifukwa dishi yosiyidwa poyera imatha kuponya moto wake pa mpanda wa udzu kapena pa zovala zoyanika dzuwa likasuntha.

Vuto lomwe latsala ndi la chogwirira poto. Pakali pano poto amakhala pa mphete yachitsulo yomangidwa ku dishi ndi miyendo itatu, ndiye dishi ikapendekeka nayenso amapendekeka. Masana mwezi uno sizivuta kwenikweni, popeza dzuwa limadutsa madigiri 14 okha kumpoto kwa pamutu, ndipo ndimangoika kamwala pansi pa mbali imodzi ya poto. Koma m'mawa cha m'ma 9 koloko madzi amatayika, ndipo mu Juni, pamene dzuwa la masana limakhala madigiri oposa 37 kumpoto, sizingatheke n'komwe. Poto ayenera kukhala chilili pamalo amodzi, dishi n'kumazungulira iyeyo. Ndajambula chimango chomwe mtanda wake wozungulirapo ukudutsa pa fokasi penipeni, masentimita 44 kuchoka pansi pa dishi, ndipo mphete ya poto ikhala masentimita 3 pansi pa mtandawo. Dishi ikapendekeka kuwala kudzagunda kwambiri m'mbali mwa poto, n'chifukwa chake ndinamupaka wakuda mpaka kukamwa.

Mnzanga wina wandibweretsera dishi yaing'ono ya masiku ano, yooneka ngati dzira, kuti timuyesere. Masamu aja sagwira pa dishi yotere, chifukwa ndi chidutswa chodulidwa cham'mbali mwa parabola, ndipo fokasi yake siili pakati koma chakumunsi, pomwe pamakhala kachipangizo kolandira mafunde kumapeto kwa mkono wake. Ndamuuza kuti asachotse mkonowo, chifukwa ndiwo ukutisonyeza poika poto. Lolemba ndipita ndi chojambula changa kwa wowotcherera zitsulo, ndipo ndikamupempha kuti mpheteyo akaiike pa mabauti aatali, kuti ndizitha kuikweza kapena kuitsitsa ndi masentimita 5 ndikasintha poto.