Logo imodzi, mamokapu 9: vuto la Smart Object yokhala m'kati mwa inzake latha

Mamokapu 9 a mu Photoshop, zithunzi zoonetsa momwe logo idzaonekere pa zinthu, a gulu la alimi a mtedza ndi soya kuno ku Kasungu tsopano akusintha onse ndikangosintha fayilo imodzi. Ndi tisheti ziwiri, kapu, thumba la mtedza, chikwangwani cha pamsewu, chitseko cha galimoto, kalendala, chipewa ndi ambulera. A komiti asintha logo katatu, ndipo kachitatu ndi pomwe vuto linaonekera: mamokapu asanu anasintha, anayi anakhalabe ndi logo yakale ngati palibe chachitika. Izi zadya masiku atatu, choncho ndilembe pomwe panali mfundo.

Poyamba tisiyanitse. Smart Object ya Place Embedded imasunga logo m'mimba mwa fayilo ya mokapu momwemo. Mukaipanga kope ndi Ctrl+J, makope onse amagawana za m'kati, mukasintha imodzi onse asintha, koma m'fayilo imodzi yokhayo. Mukagwiritsa New Smart Object via Copy, kopeyo imadziimira payokha, ndipo ambiri amadabwa apa kuti bwanji ina yatsalira. Kuti logo imodzi ilamulire mafayilo ambiri pamafunika Place Linked, yomwe inabwera mu Photoshop CC mu 2014. Amene mudakali pa CS6 mulibe njirayi, musadzivute kuifunafuna pa File.

Ndiye anayi aja anakaniranji? Onse anali mamokapu ochita kutsitsa pa intaneti, aja amakhala kale ndi leya yoikapo chithunzi chanu. Chizolowezi chathu ndi kudina kawiri pa leyayo, fayilo ya .psb itseguke, tiikemo logo, tiseve, titseke. Logo inalowadi ndi Place Linked, koma inalowa m'kati mwa .psb, kutanthauza kuti ulalo uli m'chipinda chachiwiri. Photoshop ikamafufuza ngati fayilo yolumikizidwa yasintha, imangoona maleya a pamwamba a fayilo yomwe mwatsegula. Za m'kati mwa Smart Object ina siziona. N'chifukwa chake kachizindikiro kachikasu kochenjeza sikaoneka pa leya, ndipo Layer > Smart Objects > Update All Modified Content sichita kanthu. Mukhoza kudina kakhumi, logo yakale ili pomwepo.

Kudziwa kuti vuto lanu ndi lomweli n'kosavuta. Yang'anani kachithunzi ka leya: yolumikizidwa imakhala ndi kaunyolo pakona, ndipo Properties imasonyeza njira ya fayilo. Ngati kaunyolo kakuoneka pokhapokha mwatsegula .psb, ulalo wanu wakwiririka. Mutha kumalowa m'katimo, Update Modified Content, kuseva, kutuluka, koma kuteroko ndi ntchito yomwe ija timaithawa.

Mankhwala ake ndi kukweza ulalowo ubwere pamwamba. Koma musanayambe, konzani fayilo yaikulu ya logo bwino, chifukwa apa pali msampha wachiwiri. Smart Object imakumbukira kukula molingana ndi mapikiselo komanso ppi ya fayilo yomwe inalowa poyamba. Logo yoyamba ikakhala 1200 x 800 pa 72 ppi, yatsopano n'kubwera 2500 x 2500 pa 300 ppi, Replace Contents kapena Relink to File idzaiika yaikulu kapena yaing'ono mosiyana, nthawi zina n'kusefukira kunja kwa kapu. Choncho fayilo yaikulu ikhale ngati mbale yosasintha: 3000 x 3000, 300 ppi, kumbuyo kopanda mtundu, dzina logo_yamtundu.psd. Logo iliyonse yatsopano izilowa m'mbale imeneyo, pakati, ndi mpata wa mapikiselo pafupifupi 200 m'mbali zonse. Canvas Size ndi Image Size musazikhudzenso, ndipo Trim ndiye ayi ndithu. Logo yotambalala idzasiya malo opanda kanthu pamwamba ndi pansi, palibe vuto, malowo saoneka.

Titenge chikwangwani, chomwe chinali chovuta kuposa onse chifukwa chinajambulidwa chammbali. Leya yake yoikapo chithunzi ndi 4000 x 1200, pomwe logo yathu ndi ya mbali zofanana, ndiye Relink to File pa leya imeneyo ikanasokoneza kukula. M'malo mwake mu .psb mwatsala mtundu wa kumbuyo ndi mawu okha, logo yachotsedwamo. Pa fayilo yaikulu ya mokapu, File > Place Linked, kusankha logo_yamtundu.psd, leya ibwere pamwamba penipeni pa yakale ija koma pansi pa maleya a mithunzi ndi kuwala. Kenako Edit > Transform > Distort, makona anayi akokedwe motsatira mizere ya chikwangwani, wam'mwamba ndi wam'munsi ipendekere kumodzi ndi m'mphepete mwa thabwa. Masiki a leya yakale mumawakopera pogwira Alt ndi kuwakokera pa yatsopano, ma Smart Filters nawonso chimodzimodzi. Kupendeka konseku kumasungidwa pa leya, osati pa logo, ndiye logo ikasintha imagona pomwepo pomwe inagona yakale.

Pa kapu ndi chipewa m'malo mwa Distort pakufunika Warp. Pa tisheti ndi thumba, makwinya amachokera ku Filter > Distort > Displace. Mapu ake ndi kope ya chithunzi cha nsaluyo, yochotsa mitundu, yofewetsedwa pang'ono ndi Gaussian Blur ya 2 kapena 3, yosevedwa ngati .psd. Pa chithunzi cha mapikiselo 3000 m'lifupi, 8 mpaka 10 pa Horizontal Scale ndi Vertical Scale ikukwana. Kupitirira apo zilembo zing'onozing'ono za pansi pa logo zimang'ambika ngati zanyowa.

Tisheti yakuda ili ndi nkhani yake. Multiply imakometsa logo pa nsalu yoyera chifukwa ulusi umaonekera, koma pa yakuda logo imamira, ndipo choyera chilichonse chimasowa. Choncho mafayilo akuluakulu ali awiri, wachiwiri ndi logo_yoyera.psd, wa kukula komweko, ndipo leya yake ili pa Normal, Opacity 90. Kunena zoona ndiye kuti "fayilo imodzi" ija ndi awiri, koma awiri ndi 9 n'zosiyana.

Za kasungidwe. Zonse zili mu foda imodzi, m'katimo foda ya logo ndi foda ya mamokapu. Mukasuntha foda yonse pamodzi, ulalo nthawi zambiri umapezeka. Mukangotengera mokapu yokha pa fulashi, kapena mukasintha dzina la logo, leya imaonetsa chizindikiro chofiira ndipo muyenera kuchita Relink to File. Popita kosindikiza, File > Package imasonkhanitsa fayilo ndi zolumikizidwa zake. Komabe osindikiza a pa boma pano, ngakhale a ku Lilongwe omwe timatumizako mabana akuluakulu, safuna mokapu. Mokapu ndi yoonetsa a komiti pa WhatsApp. Kwa osindikiza kumapita logo ya vekita, PDF kapena fayilo ya Illustrator, ndipo ambiri omwe ndagwira nawo ntchito amakonda CorelDRAW, ndiye PDF ndi yomwe siyambitsa mkangano. 

Chomwe sichinathe ndi ma JPG. Mamokapu otseguka amasintha okha mukaseva logo mu Photoshop, otsekedwa amadikira muwatsegule ndi kudina Update All Modified Content, ndipo zithunzi zomwe munatulutsa kale sizisintha ngakhale pang'ono. Laputopu ya RAM 8 GB sikondwa kutsegula onse 9 nthawi imodzi, makamaka magetsi akazima n'kukhala pa batire. Chotsatira ndi kujambula Action yochita Update All Modified Content, n'kuiyendetsa kudzera pa File > Scripts > Image Processor kuti itulutse ma JPG onse ine ndikumwa tiyi. Zikatheka, ndikufuna kujambula ndekha zinthu za kuno, kabaza, thumba la fetereza, khoma la golosale, ndipange mamokapu 50 onse omangidwa pa mbale ya 3000 yomweyi.